Momwe mungalembere za lichero kuti ogula akunja akopeke

Kujambula ndi kutsegula shopu pa intaneti sindinenapo, zimenezo mukuzidziwa kale. Tiyeni pa mawu.

Choyamba, musanalembe kalikonse dzifunseni kuti wogulayo akachita nalo chiyani lichero kwawoko. Ine apa mpamene ndinagwa napo. Ndinalemba m'Chichewa kuti "lichero la nsungwi, lopetera mphale ndi mpunga, lolimba", mphwanga wa ku sekondale n'kundimasulirira liwu ndi liwu. Chingerezi chake chinalibe vuto, koma miyezi itatu inatha popanda ngakhale wofunsa mtengo. Mayi wa ku Manchester alibe mphale yoti apete. Iye amafuna chokoloweka pakhoma pabalaza, kapena choikamo zipatso patebulo, ndipo akamafufuza amalemba zomwe akufunazo. Nditasintha mutu kuti uyambe ndi "woven bamboo wall basket", dzina loti lichero n'kubwera pambuyo, mafunso anayamba kufika.

Zopetazo musazitaye ayi, koma zitsike mmunsi zikhale nkhani. Ziganizo ziwiri zakwana: kuti kwathu amayi amapetera mphale isanagayidwe, ndi kuti wolukayo amang'amba nsungwi ndi mpeni, n'kuzipala mpaka zitapyapyala. Tchulani boma lomwe lichero lachokera. Mawu opempha chifundo, oti "thandizani amphawi", ndinawasiya, chifukwa wogula mwachisoni amagula kamodzi basi ndipo amayembekeza mtengo wotsika.

Kenako miyeso. Wa ku Amereka amawerenga mainchesi, choncho gawani masentimita ndi 2.54. Lichero la masentimita 40 ndi pafupifupi mainchesi 16. Lembani zonse ziwiri, ndipo munene kuti poti n'zoluka pamanja, lina likhoza kusiyana pang'ono ndi la pachithunzi. Chiganizo chimenechi chimachepetsa madandaulo, ndipo kubweza katundu n'kowawa, pakuti ndalama yotumizira imaposa kutali yomwe munagulira licherolo.

Kunena zoona, mawu okoma sangabise katundu woipa. Pali ena amaluka ndi nsungwi zosauma bwino, kapena zofumbwa kale. Ligogodeni lichero papepala loyera musanalipire, kaufa kakagwa lisiyeni. Ngati mumagulitsanso ziboliboli, chenjerani ndi opaka polishi wakuda wa nsapato n'kumati ndi phingo. Pukutani kunsi ndi kansalu konyowa muone. Ndipo ngati ndi phingo weniweni, dziwani kuti mtengowu uli pa mndandanda wa CITES, mgwirizano wa maiko woyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zingathe kutha, kuyambira 2017, ndiye funsani za zilolezo musanalembe dzina lake pa malonda.

Zotsalazi n'zachidule. Wa ku Britain mulembere "colour", wa ku Amereka "color". Mtengo ukhale m'ndalama ya kwawo. Onjezani mzere umodzi wa kasamalidwe, monga kupukuta ndi nsalu youma osaviika m'madzi. Mukatha, pezani wachibale amene amakhala kumeneko awerenge mokweza pa foni, pomwe wakakamira pakonzeni.