Mutu unkadulika pa chithunzi cha foni

Mu Midjourney, pulogalamu ya AI yopanga zithunzi kuchokera ku mawu, ndinalemba "woman walking across a wide market" ndi `--ar 21:9`, lamulo lopangitsa chithunzi kukhala chotambalala m'mbali, ndipo chinatuluka bwino. Nditangosintha kukhala `--ar 9:16` kuti chikwane pa foni, zinasokonekera: mayiyo ankaoneka wamng'ono pakati, kapena mutu unkadulika, msika wonse utapanikizika.

Vuto linali mawu anga. "Across" ndi "wide" amakokera zinthu m'mbali, pomwe chithunzi choimirira chilibe malo kumeneko. Ndinawachotsa n'kulemba "full body, walking toward camera, low angle, sky above". Ndinatchulanso nsapato ndi dengu la pamutu, chifukwa chimene watchula makinawo amayesetsa kuchionetsa. Apo thupi lonse linalowa. Ogulitsa ndinawaika kumbuyo kwake, osati pambali.