Moto ukabuka m'golosale yanu, mutulukira pati? Momwe mungakonzere dongosolo la pangozi

Magolosale athu ambiri timawamanga poganizira akuba. Mawindo ali ndi zitsulo, pakauntala pali sefa yawaya mpaka kudenga, ndipo chitseko chakumbuyo chili ndi maloko awiri omwe makiyi ake amayenda m'thumba la mwini sitolo. Zonsezi zimatsekereza wakuba kunja, koma tsiku la moto zimatsekera wogulitsa mkati. Utsi sutenga mphindi zambiri kuti udzaze chipinda chaching'ono, ndipo umagwetsa munthu malawi asanamufike n'komwe.

Tiyeni titenge golosale ya zipinda ziwiri ngati zomwe timaziona ku Ndirande kapena kwa Chinsapo: kutsogolo kogulitsira, kumbuyo kosungira katundu. Mumagwira ntchito anthu atatu, mayi mwini sitolo, mtsikana wapakauntala ndi mnyamata wonyamula katundu.

Choyamba, imani kuseri kwa kauntala

Imani pamene wogulitsa amaima tsiku lonse, ndipo mudzifunse kuti moto utayambira pakhomo lakutsogolo, pamene pali firiji ndi mawaya ake, munthu ameneyu adzera kuti. Ngati yankho ndi chitseko chakumbuyo, yendani mpaka mukachitsegule. Apa m'pamene ambiri amadabwa. Njira yadzaza matumba a shuga ndi makatoni a sopo, makireti a zakumwa atsamira chitseko, ndipo kiyi ali ndi abwana omwe apita kukapikula katundu ku Limbe.

Konzani zinthu zitatu. Kanjira kochokera pakauntala kukafika kuchitseko kakhale kopanda kanthu, kotakasuka pafupifupi mita imodzi. Jambulani mizere ndi penti pansi kuti aliyense adziwe pamene katundu sayenera kudutsa, chifukwa tsiku lomwe lole yatsitsa katundu wambiri ndi lomwe anthu amati "tingoika kaye apa". Kenako maloko akunja azitsegulidwa m'mawa uliwonse pamodzi ndi chitseko chakutsogolo, patsale chotsekera chamkati chokha chomwe munthu angachikoke ndi dzanja limodzi mumdima. Ngati simungachitire mwina koma kukhoma, kiyi apachikidwe pamsomali pambali pa chitsekocho, osati m'dirowa ya ndalama. Chachitatu, thochi yoyaka ikhale pakauntala, poti moto wa magetsi umabwera ndi mdima.

Ngati sitolo ili ndi khomo limodzi lokha, itanani wowotcherera adule zitsulo za windo limodzi lakumbuyo, aziike pamahinjesi kuti zizitseguka ngati chitseko. Mafuta a nyale, petulo wa jenereta ndi silinda ya gasi zisakhale pafupi ndi khomo limodzilo. Ine petulo wam'zigubu sindimulola kugona m'sitolo ngakhale mafuta atasowa chotani, chifukwa mpweya wake umayenda pansi ndipo umayaka ndi kamoto kakang'ono ka pasoketi.

Chachiwiri, sankhani pokumanirana

Malo ake akhale amodzi, odziwika ndi dzina: pansi pa mtengo wa mango wakutsidya, kapena pa mjigo. Asakhale pakhonde, pansi pa mawaya a magetsi, kapena pamsewu pamene galimoto ya ozimitsa moto idzaime. Akhale pataliko, masitepe osachepera makumi atatu, ndipo ngati mumagulitsa gasi, talikirani kwambiri.

Ntchito ya malowa ndi kuwerengana. Mnyamata akatulukira kumbuyo n'kuthawira kwina, mayi aja aganiza kuti watsala mkati ndipo abwereramo kukamufuna. Choncho aliyense, kaya watulukira khomo liti, azungulire n'kufika pamtengo paja. Ndipo pakhale lamulo loti wotuluka sabwereramo, kaya mwatsala ndalama za tsikulo, foni ya Airtel Money kapena buku la ngongole. Kuti mtima usakukokereni mkati, muzichotsa ndalama zambiri m'dirowa masana, ndipo buku la ngongole muzilijambula pafoni madzulo alionse.

Chachitatu, gawanani ntchito potchula maina

Mtsikana wapakauntala ndiye akuwe kuti "Moto! Tulukani!" n'kutsogolera ogula kunja, ayambe ndi ana ndi okalamba. Mnyamata azimitse swichi yaikulu ya magetsi, ngati ili pofikirika popanda kudutsa pamoto, ndipo ngati jenereta ikulira aizimitsenso. Mayi mwini sitolo aimbe foni ndi kuwerenga anthu. Aliyense akhale ndi womulowa m'malo, chifukwa ngozi ikhoza kugwa tsiku lomwe abwana ali kumaliro.

M'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ozimitsa moto ali pansi pa khonsolo ya mzinda. Pitani mukatenge nambala yawo, ya polisi yapafupi, ya ESCOM yonenera zovuta, ndi ya munthu wa galimoto kapena njinga yamoto amene angathamangitse wovulala kuchipatala. Zisungeni m'mafoni a onse atatu, muzilembenso papepala pakhoma. Poimba, nenani chomwe chikuyaka ndi chizindikiro cha malo: "golosale yobiriwira, kuseri kwa chigayo, mkati muli masilinda awiri a gasi."

Za kulimbana ndi moto, malire ake ndi awa: ngati ndi waung'ono, wosaposa ndowa, ndipo khomo lili kumsana kwanu, yesani. Chozimitsira moto cha ufa chimagwira pa magetsi ndi pa petulo pomwe. Zulani kapini, lozani patsinde pa moto osati pamalawi, finyani chogwirira, ndipo muziyendetsa uku ndi uku. Chimatha m'masekondi ochepa, choncho chikatha moto usanazime, tulukani. Mwezi uliwonse onani kuti kamuvi kake kali pobiriwira. Ndowa ya mchenga wouma ikhalenso pafupi. Madzi musathire pa petulo, pa mafuta ophikira kapena pa chinthu cholumikizidwa kumagetsi. Utsi ukachuluka, kwawani, mpweya wabwino umatsalira pansi.

Chachinayi, bokosi la chithandizo choyamba

Muikemo magolovesi, mabandeji, nsalu zoyera zotsekera bala, pulasitala, sizasi ndi sopo, ndipo chigubu cha malita 20 cha madzi oyera chikhale pambali, poti mipopi yathu imauma. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20, muvuleni mphete ndi wotchi malowo asanatupe, kenako phimbani ndi nsalu yoyera. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta kapena dothi, ndipo matuza musaboole. Chovala chomwe chamatirira pakhungu chisiyeni. Wopsa kumaso, m'manja, malo aakulu kuposa chikhatho chake, mwana aliyense, ndi amene wapuma utsi mpaka mawu kusasa, apite kuchipatala msanga. Zipatala za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central zili ndi mbali yosamalira anthu opsa.

Zovala zikagwira moto, munthuyo asathamange. Mugwetseni pansi, agubuduke, mumufunditse bulangete. Wogwidwa ndi magetsi musamukhudze musanazimitse swichi. Bala lotuluka magazi ambiri, monga la galasi, likanikizeni ndi nsalu osasiya, ndipo nsaluyo ikanyowa onjezerani ina pamwamba. Tumizani munthu mmodzi akaphunzire bwino ku Red Cross kapena ku St John.

Chomaliza, yeserani

M'mawa wina musanatsegule, zimitsani magetsi, kuwani kuti moto uli kutsogolo, ndipo muwerenge nthawi pafoni mpaka onse atafika pamtengo. Ikapitirira mphindi imodzi, fufuzani chomwe chachedwetsa. Kawirikawiri ndi loko wadzimbiri kapena katoni yomwe yabwerera panjira. Bwerezani miyezi itatu iliyonse, komanso tsiku lomwe mwalemba wantchito watsopano. Mlonda wausiku naye mumuonetse swichi, manambala ndi mtengo uja.