Momwe mungasinthire uthenga wamalonda wa achinyamata a m'tauni kuti ukomere akuluakulu akumudzi

Tiyerekeze kuti mukugulitsa nyali za sola zolipira pang'onopang'ono, ndipo uthenga umene munalembera achinyamata a ku Ndirande kapena Area 25 umati: “Magetsi azima? Usadandaule! Yamba ndi K20,000 basi, zotsalazo pa foni.” Tsopano mukufuna uthengawu umveke pa wailesi ya m'dera, upachikidwenso pachigayo.

Choyamba, musanasinthe liwu lililonse, lembani papepala zinthu zimene siziyenera kugwedezeka: ndalama yoyambira ndi K20,000, kenako K5,000 sabata iliyonse kwa masabata 30, zonse pamodzi K170,000, ndipo malipiro akadumphidwa nyaliyo imaleka kuyaka mpaka munthu atalipira. Pepala limeneli ndilo muziyezera chiganizo chilichonse chatsopano.

Chachiwiri, sinthani chifukwa chogulira. Funso loti magetsi azima lilibe tanthauzo kwa munthu amene mawaya a ESCOM sanafike m'mudzi mwake. Chimene chimamupweteka iye ndi ndalama ya mabatire a tochi ndi makandulo, ulendo wokatchajitsa foni kumsika, komanso mdzukulu wa Sitandade 8 amene amatseka kope dzuwa likangolowa. Nyaliyo ndi yomweyo, koma mwaiyika m'nyumba mwake.

Chachitatu, chotsani “iwe” paliponse, muikepo “inu”, ndipo muyambe ndi ulemu monga “Bambo ndi mayi”. Mawu oti “agogo” ine ndimawapewa, chifukwa bambo wa zaka 55 amene akulima yekha fodya sakondwa kutchedwa choncho ndi munthu wamalonda. Mawu othamangitsa ngati “fulumirani” achokenso, pakuti wamkulu akaona wogulitsa ali pa liwiro amayamba kukayikira katunduyo.

Pa ndalama mpamene ambiri amalakwitsa. Mawu oti “zotsalazo pa foni” amabisa zambiri, choncho tchulani mtengo wonse, nambala ya masabata, ndiponso kuti amene sadziwa kutumiza yekha akhoza kupita kwa ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Koma chenjerani ndi chifundo chongolemba. Mukangoti “mudzalipira mukakolola”, mwalonjeza chinthu chimene kampani sinavomereze, ndipo nyali ikadzazima mu Febuluwale, nkhokwe zili mbee, wogulayo adzanena kuti munamunamiza, mudzi wonse nkumva.

Uthenga watsopano ungamveke chonchi: “Bambo ndi mayi, nyali iyi imawala ndi mphamvu ya dzuwa ndipo imatchaja foni pakhomo panu pomwepo. Mumayamba ndi K20,000, kenako K5,000 pa sabata kwa masabata 30, zonse pamodzi K170,000. Mukadumpha kulipira imazima, mukalipira imayakanso.”

Pomaliza, werengerani mokweza akuluakulu awiri kapena atatu, kamodzi kokha, monga angamvere pa wailesi, kenako muwafunse kuti alipira zingati zonse pamodzi komanso chingachitike nchiyani atalephera sabata imodzi. Wina akayankha kuti nyaliyo ndi ya K20,000, ndiye kuti ndalama yoyambira yaphimba zinazo, ndipo muyenera kusuntha K170,000 ija kuti imveke poyamba.