MySQL ikukana kuyaka chifukwa poti 3306 yagwidwa: momwe mungapezere choigwira

Mphwanga amathandiza pa sitolo ya mbewu ndi feteleza ku Ntcheu boma, ndipo anadzilembera kapulogalamu kowerengera katundu pa laputopu ya Windows yomwe ili ndi XAMPP. Tsiku lina m'mawa anandiimbira mawu akunjenjemera. Apache yayaka, koma akadina Start pa MySQL imangophethira n'kuzima, kenako pamatuluka zilembo zofiira zakuti "MySQL shutdown unexpectedly". Iye anali atatsimikiza kale kuti magetsi omwe anazima usiku aononga zonse. Koma magetsi analibe mlandu.

Seva ya MySQL ikamayaka imapempha poti imodzi yoti izimvererapo, ndipo mukapanda kusintha kanthu poti yake ndi 3306. Pa adiresi imodzi, poti imodzi singakhale ndi mapulogalamu awiri omvera nthawi imodzi. Wofika woyamba ndiye amaitenga, wachiwiri amabwezedwa pakhomo. Ndiye ntchito yathu ndi kupeza amene anafika woyambayo.

Yambani mwatsimikiza kuti vuto ndi potidi, chifukwa zilembo zofiira zija zimatulukanso matebulo akaonongeka, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Mu XAMPP dinani Logs pa mzere wa MySQL, mutsegule mysql_error.log, mupite pansi penipeni pomwe pali nthawi ya lero. Ngati ndi poti, mupeza mizere iyi:

```
Can't start server: Bind on TCP/IP port
Do you already have another mysqld server running on port: 3306 ?
```

Pa Windows pamakhalanso nambala 10048, yomwe ikutanthauza kuti adiresiyo ikugwiritsidwa kale ntchito. Ngati mizereyi palibe, koma pali madandaulo a InnoDB kapena Aria, siyani nkhani ya poti, vuto lanu ndi lina. Ndipo chonde musathamangire kufufuta ibdata1 monga amalangizira anthu ena. M'fayilo imeneyo muli zinthu zomwe matebulo anu sangatseguke popanda izo.

Mukatsimikiza, tsegulani Command Prompt podina kumanja n'kusankha Run as administrator, kenako lembani:

```
netstat -ano | findstr :3306
```

Kwa mphwanga kunatuluka izi:

```
TCP    0.0.0.0:3306     0.0.0.0:0    LISTENING    4120
TCP    0.0.0.0:33060    0.0.0.0:0    LISTENING    4120
```

Yang'anani mizere ya LISTENING yokha. Ina yolembedwa TIME_WAIT kapena ESTABLISHED ndi ya malumikizano chabe, siyo yagwira poti. Nambala ya kumapetoyo, 4120, ndi PID, nambala yomwe Windows yapatsa pulogalamu yomwe yakhala pa poti, ndipo kwa inu idzakhala ina. Mzere wachiwiriwo unandiuza zambiri ndisanafufuze n'komwe. Poti 33060 imatsegulidwa ndi MySQL 8, pomwe chomwe XAMPP imachitcha MySQL kwenikweni ndi MariaDB, yomwe sitsegula poti imeneyo. Choncho m'laputopumo munali seva yachiwiri.

Kuti mudziwe dzina lake, funsani Windows pogwiritsa ntchito PID ija:

```
tasklist /svc /FI "PID eq 4120"
```

Yankho linali mysqld.exe, ndipo pa mndandanda wa masevisi mu services.msc panali sevisi yotchedwa MySQL80. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, chifukwa ya XAMPP nayonso dzina lake ndi mysqld.exe. Kuti musiyanitse, tsegulani Task Manager, pitani pa Details, dinani kumanja pa PID imeneyo, musankhe Open file location. Ikakufikitsani ku C:\xampp\mysql\bin ndiye kuti ndi yanu yomwe, inangotsalira ikuyenda. Ikakufikitsani ku C:\Program Files\MySQL ndiye kuti ndi mlendo.

Nditamufunsa bwino, mnyamatayo anaulula kuti dzulo lake ankafuna MySQL Workbench yojambulira matebulo, ndipo mu MySQL Installer anangodina Next mpaka kumapeto. Seva yonse inalowa nawo limodzi, n'kudzilembetsa ngati sevisi yoyaka yokha Windows ikamayaka. Madzulowo sanaone kanthu chifukwa sanatsegulenso XAMPP. Kutacha, atayatsa laputopu, MySQL80 inali itakhala kale pa 3306 iye asanadine chilichonse.

Panali chinanso chomwe chinamuopsa kwambiri. Kapulogalamu kake sikananene kuti seva kulibe, kanati "Access denied for user 'root'@'localhost'". Kankagogoda pa 3306 n'kuyankhidwa ndi seva yachilendo, yomwe root wake ali ndi pasiwedi, pomwe wa XAMPP amabwera wopanda pasiwedi. Akanalowamo sakanapeza detabesi yake, n'kumaganiza kuti kaundula wa matumba onse wapita. Zonse zinali bwinobwino mu C:\xampp\mysql\data, kungoti mwini wake sanapatsidwe mpata woyaka.

Ngati seva yachiwiriyo mulibe nayo ntchito, izimitseni mwaulemu, muiletsenso kuyaka yokha:

```
net stop MySQL80
sc config MySQL80 start= demand
```

Mpata womwe uli pakati pa start= ndi demand ndi wofunika, musauchotse. Amene sakonda kulemba atha kuchita zomwezi mu services.msc: kupeza MySQL80, kudina Stop, n'kusintha Startup type kukhala Manual. Mukangozimitsa osalemba mzere wachiwiriwo, mawa mudzadzuka nalo vuto lomweli. Bwerezani netstat ija, ndipo ikapanda kuonetsa LISTENING dinani Start mu XAMPP. Kwa mphwanga panabiriwira nthawi yomweyo, ndipo Workbench yake inatha kulumikizana ndi seva ya XAMPP, ngakhale imayamba yachenjeza kuti si mtundu womwe inazolowera.

Lamulo la taskkill /F ndimalisungira kumapeto. Kupha mysqld.exe mokakamiza kuli ngati kusolola pulagi pakhoma: ngati inali pakati polemba, matebulo ena akhoza kuonongeka. Ikakhala ya XAMPP yomwe inatsalira, yambani mwayesa iyi:

```
C:\xampp\mysql\bin\mysqladmin -u root shutdown
```

Nanga ngati maseva onse awiri mukuwafuna? Pamenepo mmodzi asamuke. Mu XAMPP dinani Config pa mzere wa MySQL, mutsegule my.ini, musinthe port=3306 kukhala 3307 malo awiri, pansi pa [client] ndi pansi pa [mysqld]. Wa pansi pa [mysqld] ndiye amasamutsa seva yeniyeni. Uzaninso XAMPP yokha za nambala yatsopanoyi kudzera pa Config ya pamwamba kumanja, pa Service and Port Settings, apo ayi izingodandaulabe za 3306.

Kusamuka kuli ndi mtengo wake, n'chifukwa chake ine sindikukonda pokhapokha patakhala chifukwa chomveka. Chilichonse cholankhula ndi detabesi chiyenera kuuzidwa khomo latsopano. Kwa phpMyAdmin, onjezani mzere uwu mu config.inc.php:

```
$cfg['Servers'][$i]['port'] = '3307';
```

M'pulogalamu yanu ya PHP potiyo imalembedwa pa malo achisanu:

```
new mysqli("127.0.0.1", "root", "", "sitolo", 3307);
```

Mukaiwala fayilo imodzi yokha, iyo ipitiriza kugogoda pa 3306 n'kumayankhidwa ndi seva ina, ndipo "Access denied" uja abweranso.

Amene muli pa Ubuntu njira ndi yomweyi, malamulo okha ndiwo asintha. Loyambali likuonetsani dzina ndi PID pamodzi, ndipo kawirikawiri wogwira potiyo amakhala mariadbd, mysqld ina, kapena docker-proxy ya kontena yomwe munaiwala kuizimitsa.

```
sudo ss -ltnp | grep 3306
sudo systemctl disable --now mariadb
```

Lachiwirilo mulilembe pokhapokha loyamba litaonetsa mariadbd ndipo mwatsimikiza kuti detabesi yanu siili m'menemo. Ikakhala docker-proxy, docker ps ikuuzani kontena yake, ndipo docker stop ndi dzina la kontenayo zimasula poti.