Akakufunsani za malipiro intavyu isanafike patali: momwe mungayankhire

Foni imalira muli pa minibasi. Woimbayo akuti ndi a ku ofesi yoona za antchito kukampani ina komwe munatumiza kalata mwezi watha. Musanamve n'komwe kuti ntchitoyo ndi yotani, funso lija latulukira: "Kodi inuyo mukuyembekezera kuti tizikulipirani zingati?" Ambirife timangotchula nambala yomwe yafika msanga m'mutu, poopa kuti tikazengereza atisiya. Vuto lake n'lakuti nambala yotchulidwa molawirira chonchi siiwalika. Amailemba pambali pa dzina lanu, ndipo tsiku lokambirana zenizeni likadzafika, imakhala denga lomwe simungalidutse.

Ine zinandionekera. Kampani ina ku Blantyre inandifunsa funsoli pafoni, ine n'kutchula ndalama yomwe ndinkalandira panthawiyo, n'kuwonjezerapo pang'ono. Nditalowa ntchito ndi pomwe ndinazindikira kuti Loweruka lililonse ndi tsiku la ntchito, komanso kuti kulibe thandizo la kuchipatala lomwe ndinali nalo komwe ndinachoka. Nditapita kukadandaula anangotsegula failo n'kundionetsa nambala yanga yomwe. Ndinasowa pogwira, chifukwa mawuwo analidi anga.

Dziwani kaye chomwe akufunsira

Nthawi zambiri wofunsayo sakutchera msampha. Ali ndi mulu wa makalata ndipo bajeti ya ntchitoyo anaikonza kale, ndiye akufuna kusefa omwe angafune ndalama zoposa zomwe kampani ili nazo. Mukatchula nambala yokwera kwambiri, amakusiyani musanaonetse luso lanu. Mukatchula yotsika, amakondwa mwakachetechete, kapena amayamba kukayika ngati ntchitoyo mukuidziwadi. Choncho cholinga chanu pa nthawi imeneyi n'chimodzi: mukhalebe pa mndandanda popanda kudzimangirira pa nambala imodzi.

Kumbukirani kuti si kulikonse komwe nkhaniyi imavuta. Ntchito za m'boma zimayendera giredi, ndipo malipiro a giredi iliyonse ndi oikika kale. Mabungwe ambiri akuluakulu omwe si aboma nawonso ali ndi sikelo yawo. Komwe funsoli limaluma kwambiri ndi m'makampani a anthu wamba ndi m'mabungwe ang'onoang'ono, komwe abwana ali ndi ufulu wokweza kapena kutsitsa.

Gawo loyamba: konzani manambala anu foni isanalire

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndipo ntchitoyi imachitikira kunyumba. Tengani pepala, mulembe ndalama zomwe zimafunika kuti mwezi uthe: lendi, mayendedwe opita kuntchito yatsopanoyo, chakudya, magetsi ndi madzi, fizi ya ana, ndi zomwe mumatumiza kumudzi. Bungwe la Centre for Social Concern limatulutsa kawirikawiri mtengo wa zinthu zofunika pabanja m'mizinda yathu, ndipo mungayerekeze ndi zanuzo. Chiwerengero chomwe mwapeza ndiye pansi panu. Nambala imeneyi ndi yanu nokha, simuitchula kwa wina aliyense.

Kenako fufuzani zomwe anzanu a ntchito yofanana akulandira chaka chino. Funsani anthu awiri kapena atatu omwe munali nawo ku koleji, ndipo musawafunse kuti iwowo amalandira zingati, chifukwa ambiri samasuka. Afunseni kuti munthu wa zaka zitatu pa ntchito yotere amayambira pati kwawoko. Ndati chaka chino mwadala. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, motero nambala yomwe mnzanu anakuuzani zaka zitatu zapitazo ingakusocheretseni kwambiri.

Tsopano chomwe chimagwetsa ambiri: kusiyana kwa girosi ndi neti. Girosi ndi malipiro onse asanadulepo kanthu, neti ndi yomwe imalowa mu akaunti. Ife tikamaganiza za malipiro timaganiza za neti, chifukwa ndiyo timagulira ufa. Olemba ntchito akamva nambala, amamva girosi.

Tiyerekeze mayi wina wowerengera ndalama yemwe akufuna kuti K800,000 izilowa mu akaunti mwezi uliwonse. Pafoni wangoti "K800,000", ndipo akampani alemba ngati girosi. Pa mlingo wa msonkho wa PAYE womwe unayamba mu Epulo 2024, K150,000 yoyamba sinkadulidwa msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, ndipo yopitirira pamenepo 30 peresenti kufika pa K2,550,000. Ndiye pa K800,000 msonkho ukutenga K87,500 kuphatikiza K90,000, zonse pamodzi K177,500. Lamulo la penshoni limati wantchito azisonkha 5 peresenti ndipo wolemba ntchito 10 peresenti, choncho K40,000 inanso yapita. Mayiyu atsala ndi pafupifupi K580,000. Kuti K800,000 imufikedi m'manja, anayenera kutchula girosi ya pafupifupi K1,135,000. Mawu amodzi omwe sanawatchule amutayitsa ndalama zoposa K200,000 mwezi uliwonse. Milingo ya msonkho imasintha ndi bajeti ya boma, ndiye onani ya MRA yomwe ikugwira ntchito panopa, muwerengere nokha motere.

Gawo lachiwiri: pemphani kuti nkhaniyi idikire

Funso likabwera molawirira, musakane kuyankha, ndipo musanene kuti ndalama mulibe nazo ntchito, chifukwa palibe angakhulupirire. Thokozani, kenako perekani chifukwa chomveka. Munganene kuti: "Zikomo bwana pondifunsa. Ndingakonde nditamvetsa kaye ntchitoyi, maola ake ndi zina zomwe mumapereka pambali pa malipiro, kuti ndisatchule nambala yopanda maziko. Ndikukhulupirira kuti tikafika pamenepo tidzagwirizana." Kaya intavyu ikuchitika m'Chingerezi kapena m'Chichewa, mfundo ndi yomweyo. Yeserani kunena mawuwa mokweza kunyumba mpaka azituluka osanjenjemera.

Ngati foni yakupezani pamsika kapena m'minibasi, muli ndi ufulu wonse wopempha kuti akuimbireninso pakatha mphindi makumi awiri. Palibe wolemba ntchito wanzeru amene angakuchotseni pa mndandanda chifukwa cha zimenezi.

Gawo lachitatu: bwezani funso mwaulemu

Tinaleredwa kuti wamkulu safunsidwa za ndalama, ndipo ambiri timaona ngati kufunsa n'kudzikweza. Koma ntchito iliyonse yolengezedwa ili ndi bajeti yake, ndipo wofunsayo akuidziwa. Mufunseni modekha: "Kodi ntchitoyi munaiikira malipiro oyambira pati mpaka pati? Mukanditchulira, nditha kukuuzani pompano ngati tili pafupi." Mukafunsa, khalani chete. Musadzaze mpatawo ndi mawu, chifukwa ndi pomwe anthu amayamba kudzitsitsa okha mtengo wina asanawapemphe.

Akatchula, funsani ngati ndi girosi kapena neti, komanso ngati alawansi ya nyumba ndi ya mayendedwe ili m'kati momwemo. Nambalayo ikakhala pamwamba pa pansi panu paja, yankhani kuti ili m'dera lomwe mungakambirane, osati kuti mwavomera. Ikakhala pansi kwambiri, nenani zoona panthawi yomweyo. Ndi bwino kudziwa lero kusiyana n'kuwononga ndalama ya basi kuchokera ku Mzuzu kupita ku Lilongwe kawiri konse.

Gawo lachinayi: akaumirira, tchulani malire awiri

Ena amanena mosabisa kuti sangapitirize popanda nambala. Kuzemba kachitatu kumaoneka ngati mwano kapena ngati simukudziwa mtengo wa ntchito yanu. Apa perekani malire awiri, wapansi ndi wapamwamba, ndipo wapansiwo ukhale nambala yomwe mungailandire ndi mtima wonse, chifukwa ndi womwe adzaugwire. Mayi uja anganene kuti: "Malinga ndi zomwe ndikudziwa pakali pano, ndikuyembekezera girosi ya pakati pa K1,200,000 ndi K1,400,000 pamwezi. Nambalayi ingasinthe ndikamva za thandizo la kuchipatala, maalawansi ndi kukula kwa ntchitoyi." Taonani kuti wayambira pamwamba pang'ono pa K1,135,000 ija, watchula mawu oti girosi, ndipo wasiya khomo lotsegula. Malire asatalikirane kwambiri. Munthu akati pakati pa K700,000 ndi K1,500,000, wangoonetsa kuti sanafufuze.

Fomu ya pa intaneti imavuta mwanjira ina. Bokosi lolembedwa kuti Expected salary likalola mawu, lembani kuti n'zokambirana malinga ndi phukusi lonse. Likangolola nambala, ikani yapakati pa malire anu aja, ya girosi, ndipo musunge chithunzi cha zomwe mwalemba kuti musadzanene zosiyana pa tsiku la intavyu.

Nanga akafunsa zomwe mukulandira panopa?

Funso ili ndi lina, ngakhale limabwera ngati mphwake wa loyamba lija. Musaname. Makampani ena amapempha peyisilipi asanapereke kalata ya ntchito, ndipo bodza likaululika zonse zathera pomwepo. Ngati mwasankha kutchula, tchulani phukusi lonse: malipiro, maalawansi, penshoni yomwe abwana amakusonkherani, ndi thandizo la kuchipatala monga la MASM ngati banja lanu lili pamenepo. Kenako onjezani kuti ntchito yatsopanoyi ili ndi udindo wina, choncho mtengo wake uyezedwe payokha. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene akudziwa kuti komwe ali akulandira zochepa, chifukwa popanda mawu amenewa, kuchepako kumawatsatira kulikonse komwe apita.

Pali yankho lina lomwe mudzalimve: "Yambani ndi iyi, tidzakukwezerani mukatha pulobeshoni." Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limalola kuti nthawi yoyesedwa ifike miyezi 12, ndiye lonjezo lotere likhoza kukudikiritsani chaka chathunthu, ndipo amene analonjezayo mwina adzakhala atachoka. Ngati mwavomera, pemphani kuti m'kalata ya ntchito mulembedwe kutalika kwa pulobeshoni, nambala yatsopanoyo ndi mwezi womwe idzayambe. Akakana kulemba, werengerani ntchitoyo pa nambala yoyambayo basi, ndipo muione ngati ikufika pa pansi panu paja musanasaine.