Momwe mungalembere kalata yodziwitsa abale kumudzi ndalama yomwe muzitumiza pamwezi

Amene amagwira ntchito kuno ku Joni amadziwa momwe foni imalirira mwezi ukafika pa 25. Uyu akufuna ya sopo, uyo mwana wamubweza kusukulu, wina akuti mumugwireko dzanja pa bizinesi ya tomato. Palibe akunama, mavutowo ndi enieni. Chimene chimasokoneza n'chakuti palibe akudziwa zomwe anzake apempha kale, ndiponso palibe anaonapo kuti malipiro anu amathera pati. Kalata yomwe tikambirane pano ntchito yake ndi kuika zinthu zitatu poyera: ndalama zingati, zizifika tsiku liti, kwa ndani. Pamapeto pake ikunena mwaulemu kuti zopempha za pakati pa mwezi zatha.

Yambani ndi masamu, kalata ibwere pambuyo

Musatchule ndalama iliyonse musanakhale pansi ndi pepala. Ndipo powerengera musatenge mwezi umene munagwira maola owonjezera kapena umene abwana anakupatsani bonasi. Tengani mwezi umene munalandira zochepa kwambiri pa miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, chifukwa lonjezo lanu liyenera kukwaniritsika ngakhale mwezi woipa. Kuyambira pa 1 Marichi 2025 malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ku South Africa anali R28.79 pa ola, ndipo munthu wogwira maola 45 pa sabata ankapeza pafupifupi R5,600 pamwezi. Ambiri mwa ife ogwira m'nyumba za anthu, m'magadeni ndi m'mashopu a ku Mayfair kapena Fordsburg tili chapamenepo, pomwe kumudzi amaganiza kuti tikuwola ndalama.

Tiyerekeze mayi wina amene amalandira R6,500. Lendi ya chipinda ikudya R1,800, chakudya R1,500, matekisi opita kuntchito R900, magetsi ndi mayunitsi a foni R400. Zatsala R1,900. Pamenepa achotse R500 yosunga yekha, ya tsiku lodwala, lotha ntchito kapena lokonzetsa pasipoti. Achotsenso R150 ya gulu la maliro kapena inshuwalansi ya maliro. Iyi musailumphe: kunyamula thupi kuchoka kuno kukafika ku Malawi ndi ndalama zambiri, ndipo mukapanda kukonzekera, katunduyo adzagwera abale omwewo amene mukufuna kuwathandiza. Zotsala ndi R1,250. Mayiyu angathe kumatumiza R900 mwezi uliwonse, R50 n'kusiyira zolipira potumiza, ndipo R300 n'kumaika padera kuti pakatha miyezi 12 ikwane R3,600 ya fetereza ndi mbewu.

Mwina R900 ikuchititsani manyazi. Koma ndalama yochepa yofika tsiku lake imathandiza pakhomo kuposa R2,000 yofika mwezi uno, kenako miyezi iwiri zii, chifukwa amayi amatha kudziwa kuti agula chiyani ndipo adikira mpaka liti.

Lonjezani mu marandi, osati mu makwacha

Apa ndi pomwe ambiri amadzimanga okha. Inu mumalandira marandi, choncho lonjezo likhale mu marandi. Mukanena kuti muzitumiza makwacha mwakuti, mwezi umene randi yafooka mudzafunika kuonjezera kuchokera pa ndalama ya chakudya chanu. Mukalonjeza katundu, monga thumba la chimanga mwezi uliwonse, ndiye mwadzikola kwambiri, poti mtengo wa chimanga umatsika nthawi yokolola n'kukwera kwambiri kuyambira Januwale mpaka Marichi. Kumbukiraninso kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zikatere, marandi omwewo amatulutsa makwacha ochulukirapo, koma mitengo ya zinthu nayo imakwera, ndiye abale amayamba kunena kuti ndalama yachepa. M'kalatamo nenani kuti makwacha azisinthasintha malinga ndi mtengo wa tsikulo, ndipo mwezi uliwonse muziwatumizira chithunzi cha risiti kuti pasakhale wokayikira mnzake.

Sankhani wolandira mmodzi ndi tsiku limodzi

Wolandira akhale munthu amene amaphika ndi kugula zapakhomo, nthawi zambiri amayi kapena achemwali aakulu, osati amene ali ndi foni yabwino. Kaya mutumiza pa Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa, onetsetsani kuti dzina mwalemba likufanana ndi la pa chitupa cha unzika cha wolandirayo. Ngati ndalama izigwera mu Airtel Money kapena TNM Mpamba, nambalayo ikhale yolembetsedwa m'dzina lake, ndipo nambala yachinsinsi aidziwe yekha. Pomwe agogo amatumiza mdzukulu kwa ejenti, ndalama imayamba kufika yoperewera popanda wodziwa kuti yathera pati.

Tsiku likhale masiku atatu kapena anayi pambuyo pa tsiku lolandira malipiro. Ngati mumalandira pa 30, nenani pa 3, kuti abwana akachedwetsa musaoneke wabodza.

Fotokozani kuti ngozi ndi chiyani

Kalata yonena kuti "kupatula pakagwa vuto" sinatseke chilichonse, chifukwa pempho lililonse lidzabwera litatchedwa vuto. Tchulani zinthu ziwiri zokha: munthu wa pakhomo pathu wagonekedwa m'chipatala, kapena pagwa maliro a m'banja lathu. Zinthu za kusukulu, fetereza ndi denga lodontha si ngozi, zimadziwika nthawi yake. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, mvula yobzalira imagwa cha mu Novembala kapena Disembala. Zimenezi zilowe m'dongosolo, zisamabwere ngati zadzidzidzi.

Musanatumize, imbirani akuluakulu

Kalata yotere isayambe kugwera pa gulu la banja la pa WhatsApp. Amayi akaimva koyamba kuchokera kwa mdzukulu akuwawerengera pagulu, adzamva ngati mwawadzudzula pamaso pa ana. Imbirani amayi kaye, kenako amalume, omwe kwa ambiri aife ndi eni mbumba. Auzeni maganizo anu, mumve awo. Mwina adzakuuzani chinthu chomwe simunachidziwe, monga mankhwala omwe agogo amamwa mwezi uliwonse. Amalume akagwirizana nazo, ndi iwo adzayankhe odandaula inu muli kuno. Kalata ibwere ngati chikumbutso cha zomwe mwakambirana, ndipo kwa amene kuwerenga kumawavuta muiwerenge mu uthenga wa mawu, osasintha ngakhale liwu limodzi.

Kalatayo

Nayi kalata ya mayi uja. Sinthani ziwerengero zigwirizane ndi zanu.

*Okondedwa Amayi, Amalume ndi abale anga nonse,*

*Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino. Ine kuno ndili bwino ndipo ntchito ikuyenda, tithokoze Mulungu.*

*Ndalemba kuti ndifotokoze za chithandizo chomwe ndimatumiza, monga tinakambirana ndi Amayi ndi Amalume pafoni. Pa ndalama zomwe ndimalandira, zambiri zimathera lendi, chakudya ndi mayendedwe opita kuntchito. Miyezi yapitayi ndakhala ndikukongola kuti ndiyankhe aliyense, ndipo ndaona kuti ndikapitiriza chomwecho ndidzalephera kuthandiza ngakhale Amayi.*

*Kuyambira mwezi wamawa ndizitumiza R900 pa 3 mwezi uliwonse. Izifikira kwa Amayi, ndipo ndi ya chakudya, sopo ndi chigayo. Makwacha ake azisintha malinga ndi mtengo wa tsikulo, risiti ndizikuonetsani. Mu Okutobala ndidzatumiza R3,600 ya fetereza ndi mbewu, kamodzi pachaka.*

*Kupatula pamenepa sinditha kutumiza ina pakati pa mwezi, kaya ya mayunitsi, ya ulendo kapena ya mpamba wa bizinesi. Wina wa pakhomo pathu akagonekedwa m'chipatala, kapena kukagwa zovuta, Amalume ndi amene andiimbire, ndipo ndidzachita zomwe ndingathe.*

*Achimwene ndi achemwali anga, mutu umodzi susenza denga. Ndikupempha kuti zofunika za ana kusukulu mugawane inu, ine ndigwire mbali ya chakudya ndi munda.*

*Tidzaonanso dongosololi mu Januwale. Ntchito ikatha kapena malipiro akasintha, ndidzakudziwitsani msanga. Sindinakutayeni, ndikufuna kuti chithandizochi chipitirire.*

*Ndine mwana wanu.*

Onani kuti kalatayi sikutchula amene anapempha kwambiri, ndiponso sikuwerengetsera ndalama zomwe zinatumizidwa kale. Mukangolemba kuti "chaka chatha ndinapatsa uje ndalama ya bizinesi koma anadya", nkhani yonse isanduka mlandu wa uje, ndipo za R900 ziiwalika. Mulibenso mawu ngati "ndiyesetsa" kapena "zikatheka ndidzaonjezera" pa ndalama ya pamwezi. Mawu amenewo amamveka aulemu, koma womva amawatenga ngati chilolezo chopemphanso.

Nanga malipiro anu muwaulule? Ine ndimaona kuti n'kwabwino kuuza amayi ndi amalume pafoni, koma osalemba m'kalata. R6,500 ikasinthidwa kukhala makwacha imaoneka yambiri zedi kwa munthu amene salipira lendi ya ku Rosettenville, ndipo kalata imayenda manja ambiri. Ngati mwaganiza zoitchula, itchuleni pamodzi ndi lendi ndi matekisi pa mzere womwewo.

Mwezi woyamba ndi wachiwiri

Yembekezani kuti wina ayesa. Pakadutsa sabata ziwiri meseji ibwera, mwina yochokera kwa msuweni amene mumagwirizana naye kwambiri, yopempha R100 yokha. Yankhani tsiku lomwelo, musazimitse foni kapena kumutsekera, chifukwa kukhala chete kumamveka ngati kunyoza. Yankho likhale lalifupi komanso lofanana kwa aliyense: "Pepani asuweni, ndamva vuto lanu, koma monga ndinalembera, ndalama ya mwezi uno inapita kale kwa Amayi. Yina ndi pa 3." Mukapereka R100 imeneyo mobisa, dziwani kuti imveka, ndipo ena adzafunsa chifukwa chake iwo mwawakaniza.

Mudzadziwa kuti dongosolo likugwira mafoni akayamba kubwera ofunsa za moyo wanu osathera pa pempho. Mudzadziwa kuti pali pofunika kukonza amayi akamakuuzani kuti ndalama ikutha pa 10. Zikatero musathamangire kuonjezera. Funsani kaye kuti ikupita kuti, chifukwa kawirikawiri opempha aja amakhala atangosamukira kwa amayi, ndipo amayi sangakanize mwana wawo ali pakhomo. Njira yake ndi kuigawa pawiri, R450 pa 3 ndi R450 pa 18, ngakhale zolipira potumiza zingakwereko pang'ono, kapena kugwirizana kuti nthawi yokolola ndalama ya miyezi iwiri igule chimanga chosunga chikadali chotchipa. Ngati pambuyo pa zonsezi ikuperewerabe pa chakudya chenicheni, bwererani ku pepala la masamu lija mu Januwale, muone ngati mungakweze, ndipo mulembe chiwerengero chatsopanocho m'kalata ina yodutsanso kwa amalume.