Kuwerenga mapaipi a madzi pa pulani ya nyumba

Funso: Ndili ndi pulani ya nyumba ya sikelo 1:100. Mapaipi ndi zolumikizira ndiwerenge bwanji ndisanakagule?

Yambirani pa mita ya madzi, mukutsata mzere wa paipi ndi rula. Pa sikelo imeneyi sentimita imodzi papepala ndi mita imodzi pansi, ndiye mukayeza masentimita 14 kuchoka pa mita kufika kubafa, lembani mamita 14. Ngati pulaniyo ndi yafotokope, yesani kaye khoma limene muyeso wake walembedwa, chifukwa makina amatha kuchepetsa chithunzi.

Apa m'pamene ambiri amaphonya: pulani imaonetsa paipi yogona yokha. Yokwera m'khoma muwonjezere nokha. Ya shawa imakwera pafupifupi mamita awiri kuchokera pasimenti, ndipo muwonjezerenso kuya kwa ngalande, tinene theka la mita. Tafika pa mamita 16.5.

Kenako bwererani pa mzere womwewo ndi pensulo. Pokhota paliponse lembani elibo, pogawikana tii, polumikiza mapaipi awiri owongoka soketi. Elibo wa pansi pa khoma, pomwe paipi imayamba kukwera, saoneka papepala.

Wonjezerani 10 peresenti ya zodulidwa, zikhala mamita 18 ndi pang'ono. Paipi imodzi ikakhala ya mamita 6, atatu sakwana, gulani anayi. Mapaipi a 15 mm ndi a 20 mm muwawerenge padera.